Bwalo likakula kawiri m'mimba mwake, nambala yakula kanayi

*"Ndimakonza malipoti. Sabata yatha ndinajambula tchati cha mabwalo choonetsa mizinda inayi: wa anthu 100,000, wa 400,000, wa 900,000 ndi wa 2,500,000. Rediyasi ya bwalo lililonse ndinaiyika molingana ndi chiwerengero cha anthu. Mnzanga wa kuntchito akuti tchaticho chikunama, ndimayenera kutsata eliya. Komatu manambala anga ndi olondola. Bodza lili pati, nanga tchati chotere munthu amachiwerenga bwanji?"*

Mnzanuyo akunena zoona, ndipo mumuthokoze kuti wakuuzani lipotilo lisanapite kutali. Manambala anu alibe vuto. Vuto lili pakati pa nambala ndi diso la wowerenga. Inu munayika nambala pa rediyasi, kamzere kochokera pakatikati pa bwalo kufika m'mphepete mwake. Kamzere kameneko sikajambulidwa pa tchati, ndipo wowerenga sakaona. Chimene iye amaona ndi inki yodzaza m'bwalomo, malo onse amene bwalolo laphimba papepala. Malo amenewo ndiwo eliya. Diso likamayerekeza mabwalo awiri limafunsa kuti lalikululi likhoza kumeza ang'onowa angati, silifunsa za kamzere kobisika.

Eliya ndi rediyasi sizikulira limodzi. Lamulo lake ndi lija la kusukulu:

```
A = π × r²
```

Rediyasi imadzichulukitsa yokha. Mukaiwirikiza kawiri, eliya imawirikiza kanayi. Mukaiwirikiza katatu, eliya imawirikiza ka 9. Ndikupemphani kuti musangondikhulupirira. Tengani pepala la timabokosi, lija la masamu, mujambulepo bwalo la rediyasi ya timabokosi tiwiri, kenako lina la rediyasi ya timabokosi tinayi. Werengani timabokosi ta m'kati, toduka muziphatikiza tiwiritiwiri. Loyamba mupezamo timabokosi pafupifupi 12 kapena 13. Lachiwiri mupezamo pafupifupi 50. Dzanja lanu linangotambasula kampasi kawiri, koma inki yofunika kudetsa bwalolo yachuluka kanayi, chifukwa bwalo limakula m'litali ndi m'lifupi nthawi imodzi.

Tsopano tiike mizinda yanu pamenepo. Tinene kuti bwalo la mzinda waukulu, wa anthu 2,500,000, munalipatsa rediyasi ya mamilimita 20. Mwa njira yanu, mzinda wa anthu 900,000 unalandira mamilimita 7.2, wa 400,000 unalandira 3.2, ndipo wa 100,000 unalandira 0.8 basi, kadontho konga kansonga ka cholembera. Tikawerengera eliya, kadonthoko kali ndi masikweya milimita 2, pamene bwalo lalikulu lili ndi pafupifupi 1,257. Kugawa manambala awiriwa bwinobwino kukupatsani 625. Mzinda waukulu uli ndi anthu ochuluka ka 25 kuposa waung'ono, koma tchati chanu chaupatsa inki yochuluka ka 625. Pakati apanso ndi chimodzimodzi: mzinda wa 400,000 ndi waukulu kanayi kuposa wa 100,000, koma papepala waoneka waukulu ka 16, ndipo wa 900,000 waoneka waukulu ka 81 m'malo mwa ka 9. Bodza lija lili pamenepa. Palibe nambala imene munasintha, koma kusiyana kulikonse munakuchulukitsa ndi mwini wake.

Kukonza kwake ndi kutembenuza funso. M'malo moyamba ndi rediyasi, yambani ndi kunena kuti eliya ndiyo iyende limodzi ndi chiwerengero cha anthu, kenako mufunse kuti ndi rediyasi yanji imene ibweretse eliya imeneyo. Popeza eliya imachokera pa rediyasi yodzichulukitsa yokha, kubwerera m'mbuyo kumafuna sikweya ruti. Sankhani kaye kukula kwa bwalo lalikulu kwambiri loti likwane papepala, ena onse atsatire motere:

```
r = R × √(v / V)
```

Apa `R` ndi rediyasi ya bwalo lalikulu, `V` ndi nambala yaikulu kuposa zonse, ndipo `v` ndi nambala ya bwalo limene mukujambula. Onani kuti π sakupezekamo. Amafafanizika yekha, chifukwa ali mbali zonse ziwiri. Tiyese ndi mzinda waung'ono. Gawani 100,000 ndi 2,500,000, mupeza 0.04. Sikweya ruti ya 0.04 ndi 0.2. Chulukitsani ndi mamilimita 20, mupeza mamilimita 4. Mzinda wa 400,000 ukupatsani 0.16, sikweya ruti yake 0.4, rediyasi mamilimita 8. Wa 900,000 ukupatsani 0.36, kenako 0.6, kenako mamilimita 12. Ndiye mabwalo anu akhala a marediyasi 4, 8, 12 ndi 20. Eliya zawo ndi pafupifupi 50, 201, 452 ndi 1,257. Gawani iliyonse ndi yoyambayo, mupeza 1, 4, 9 ndi 25, ndendende mmene mizindayo ikusiyanirana.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pa manambala amenewa. Pa tchati chokonzedwachi, sikweya milimita iliyonse ya inki ikuimira anthu pafupifupi 2,000, kaya ili m'bwalo laling'ono kaya lalikulu. Limeneli ndilo pangano limene wojambula amapangana ndi wowerenga: inki yofanana, anthu ofanana. Pa tchati chanu choyamba, sikweya milimita imodzi inkaimira anthu pafupifupi 50,000 m'bwalo laling'ono, koma anthu 2,000 okha m'bwalo lalikulu. Munthu wa mumzinda waukulu ankalandira inki yochuluka ka 25 kuposa mnzake wa mumzinda waung'ono. Zimandikhudza chifukwa matchati otere amafika pamaso pa anthu ogawa zinthu, ndipo kamzinda kamene kasanduka kadontho kosaoneka n'kosavuta kukaiwala pa msonkhano.

Ngati manambala anu ali m'ndandanda wa pakompyuta, kuyambira `B2` kufika `B5`, rediyasi mukhoza kuipeza chonchi:

```
=20*SQRT(B2/MAX($B$2:$B$5))
```

Koma apa pali mbuna imene ndaona anthu ambiri akugweramo atangophunzira za sikweya ruti. Fomulayi ndi ya munthu amene akujambula mabwalo yekha, kapena amene pulogalamu yake imafunsa rediyasi. Mapulogalamu ena amachita kale sikweya ruti mwa okha. Mu Excel, mukapanga tchati cha mabwalo n'kutsegula `Format Data Series`, mupeza mawu akuti `Size represents` ndi zosankha ziwiri, `Area of bubbles` ndi `Width of bubbles`. Choyambacho ndicho cholondola, ndipo ndicho chimakhala chosankhidwa kale. Pamenepo mumangopereka chiwerengero cha anthu mmene chilili. Mukapereka manambala amene mwawachita kale sikweya ruti, ndiye kuti yachitika kawiri, ndipo bodza latembenukira mbali ina: mzinda waukulu ka 25 uoneka ndi inki yochuluka kasanu kokha. Choncho musanalembe fomula iliyonse, fufuzani kaye kuti pulogalamu yanu ikamati kukula kwa bwalo ikutanthauza chiyani. Kwa olemba makodi, mu matplotlib nambala ya `s` mu `scatter` ndi eliya kale, ndiye mumapereka nambala yosachita sikweya ruti. Mu D3 bwalo limajambulidwa ndi rediyasi, ndiye sikweya ruti muyenera kuiitana nokha:

```
const r = d3.scaleSqrt().domain([0, 2500000]).range([0, 20]);
```

Yang'anitsitsani maziro awiri ali mu mzere umenewu, chifukwa ndi ofunika ngati sikweya ruti yomweyo. Akunena kuti nambala ya 0 ilandire bwalo la kukula 0. Pangano lija la inki yofanana limagwira pokhapokha muyeso ukayambira pa ziro. Mapulogalamu ena, pofuna kuti mabwalo onse aoneke bwino, amatenga nambala yaing'ono kwambiri m'ndandanda n'kuipatsa bwalo laling'ono limene asankhiratu, yaikulu kwambiri n'kuipatsa bwalo lalikulu, zina zonse n'kuziyala pakati. Taganizani mutakhala ndi mizinda itatu ya anthu 800,000, 900,000 ndi 1,000,000, pulogalamu n'kupereka rediyasi ya mamilimita 2 kwa woyamba ndi 20 kwa womaliza. Inki yasiyana ka 100, pomwe mizindayo ikusiyana ndi kachigawo chabe. Mwa fomula yathu marediyasi akanakhala 17.9, 19 ndi 20, mabwalo ooneka ngati mapasa. Wina anganene kuti tchati chotero n'chosasangalatsa. Koma ndicho choona: mizindayo ndi yofananadi kukula. Mu ggplot2, chida china cha olemba makodi, ndi chifukwa chake pali `scale_size_area()`, imene imakakamiza kuti ziro akhale ziro, pomwe `scale_size()` imayala mabwalo pakati pa kukula kochepa ndi kwakukulu kosankhidwiratu. Vuto limeneli ndi lobisika kuposa la rediyasi, chifukwa wojambula amakhala ndi mtima uli m'malo poganiza kuti wasankha eliya.

Pali funso limene munthu woganiza bwino amafunsa akafika apa, ndipo liyenera kuyankhidwa. Kodi diso limawerengadi eliya molondola? Ayi, siliwerenga molondola. Akatswiri a kaonedwe ka zinthu anaziyesa kalekale. S. S. Stevens, amene ankafufuza mmene anthu amamvera kukula kwa zinthu, anaonetsa kuti kutalika kwa mzere timakuona pafupifupi mmene kulili, koma eliya timaichepetsa: chinthu chikamakula, diso limatsalira m'mbuyo. Nambala imene imatchulidwa kawirikawiri pa eliya ndi mphamvu ya 0.7, mphamvu pokhala kanambala kokhala pamwamba ngati 2 uja wa mu r², ndipo ikachepera 1 ndiye kuti diso likuchepetsa. James Flannery, katswiri wa mapu, anayesa mabwalo enieni a pa mapu, ndipo mu zimene anasindikiza mu 1971 anapeza kuchepetsa kocheperapo, mphamvu ya pafupifupi 0.87. Kunena mwachidule, bwalo lanu la inki yochuluka ka 25, anthu ambiri akaliyang'ana anena kuti ndi lalikulu ka 10 kapena ka 16 kapena pakati pamenepo. Ochepa anganene 25.

Ndiye wina akhoza kuganiza kuti: ngati diso limachepetsa, bwanji osatsata rediyasi kuti kukokomeza kwake kubwezere zimene diso ladya? Masamu akukana. Tengani inki ya ka 625 ija, muidutsitse m'diso lochepetsa kwambiri, la mphamvu ya 0.7, itulukabe pafupifupi ka 90. Choonadi ndi 25. Ndi eliya wowerenga amaphonya pang'ono chakumunsi, ndi rediyasi amaphonya kutali chakumwamba. Flannery mwiniwake sanauze anthu kutsata rediyasi. Anapereka kakukonza kakang'ono: m'malo mwa mphamvu ya 0.5, imene ndi sikweya ruti, wojambula agwiritse ntchito pafupifupi 0.57. Pa mizinda yanu zikutanthauza kuti bwalo lalikulu likhale ndi rediyasi yowirikiza pafupifupi ka 6.3 kuposa laling'ono, m'malo mwa kasanu. Onani kutalikirana kwake ndi ka 25 kamene munayika inu. Mapulogalamu ena a mapu ali ndi malo osankhira njira ya Flannery, ndipo pali akatswiri amene amaikonda.

Ine sindiigwiritsa ntchito, ndipo chifukwa changa n'chakuti maso a anthu sachepetsa mofanana. Kukonza kumene kukuthandiza wowerenga mmodzi kukusocheretsa wina. Komanso diso limanyengedwa ndi zimene zazungulira bwalo: bwalo lomwelo limaoneka laling'ono likakhala pakati pa akuluakulu, n'kuoneka lalikulu likakhala pakati pa ang'onoang'ono, chinyengo chodziwika ndi dzina la Ebbinghaus. Palibe fomula imodzi imene ingakonze zimenezo. Chachikulu kwa ine n'chakuti wowerenga wokayikira ayenera kutha kutenga lula, kuyeza, n'kupeza nambala yoona. Ndikakometsera mabwalo kuti ndithandize diso lake, ndamulanda mwayi umenewo. Bola ndijambule eliya yolondola n'kumuthandiza ndi kalozera wabwino woonetsa mabwalo achitsanzo ndi manambala awo, komanso manambala olembedwa pambali pa mabwalo ofunika.

Lula ameneyu ndiye chida chanu chachikulu pamene tchati chajambulidwa ndi wina. Sankhani mabwalo awiri amene manambala awo mukuwadziwa, mwina a m'kalozera kapena amene alembedwa pambali. Yezani m'mimba mwa lililonse, kuchokera m'mphepete kudutsa pakati kufika m'mphepete mwina. Kuyeza m'mimba n'kosavuta kuposa kusaka pakatikati, ndipo zotsatira zake n'zofanana. Gawani muyeso waukulu ndi waung'ono, yankholo mulichulukitse ndi lokha. Pa tchati chanu chokonzedwa, lula ikupatsani mamilimita 40 ndi 8. Kugawa kukupatsani 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25. Zikugwirizana ndi anthu, ndiye tchati chili bwino. Mukapeza kuti kugawa kokhako, musanachulukitse, kwakupatsani kale 25, dziwani kuti wojambula anatsata rediyasi. Mukapeza kuti sizikugwirizana ndi njira zonse ziwiri, kawirikawiri ndiye kuti muyeso sunayambire pa ziro. Ntchitoyi siitha mphindi ziwiri, ndipo pa sikirini mukhoza kuichita ndi kachidutswa ka pepala koika tizizindikiro.

Nthawi zambiri lula sakhala pafupi, ndiye ndi bwino kusunga manambala ochepa m'mutu. Bwalo likakhala lotambalala kawiri kuposa linzake, nambala yake ndi yowirikiza kanayi. Likatambalala katatu ndi pang'ono, nambala yawirikiza ka 10. Likatambalala ka 10, yawirikiza ka 100. Chimene chimadabwitsa anthu ndi chakumunsi: nambala yowirikiza kawiri imangotambalitsa bwalo ka 1.4, kosafika ndi theka lomwe. Choncho mukaona mabwalo awiri, lina longokulirapo pang'ono, musafulumire kunena kuti ndi ofanana. Mwina lina ndi kawiri ka linzake. Ndipo kusiyana kwa magawo 10 pa 100 kumangosintha m'mimba mwa bwalo ndi magawo osakwana 5 pa 100. Pa bwalo la mamilimita 20 m'mimba, kumeneko ndi milimita imodzi. Diso silingakugwire, makamaka mabwalowo akatalikirana.

Apa ndipo pali malire a tchati cha mtundu umenewu, ndipo akusintha mmene muyenera kuchiwerengera. Mu 1984 William Cleveland ndi Robert McGill anasanja njira zoonetsera manambala potengera mmene anthu amaziwerengera molondola. Pamwamba anaika malo amene chinthu chakhala pa mzere wa muyeso. Kutalika kunabwera pambuyo pake, ndipo eliya inali m'munsi mwa zimenezi. Tchati cha mabwalo chili ndi zonse ziwiri, njira yodalirika ndi yofooka. Pamene bwalo lakhala, potsata mzere wogona ndi mzere woimirira, ndi podalirika. Kukula kwake ndi kofooka. Ndiye powerenga yambani ndi mizere iwiriyo: wogonawu ukuyeza chiyani, woimirirawu ukuyeza chiyani, ndipo manambala ake akukwera motani. Kenako funsani kuti kukula kwa bwalo kukuimira chiyani. Ngati palibe paliponse pamene palembedwa, musaganizire nokha, tchaticho n'chosakwanira.

Chitsanzo chodziwika ndi matchati a bungwe la Gapminder, amene katswiri wa zaumoyo Hans Rosling anawatchukitsa ndi nkhani yake ya pa msonkhano wa TED mu 2006. Dziko lililonse ndi bwalo. Mzere woimirira umaonetsa zaka zimene anthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, wogona umaonetsa chuma cha munthu mmodzi, ndipo kukula kwa bwalo ndi chiwerengero cha anthu. Nkhani yeniyeni ili pa malo: maiko a chuma chambiri amakhala chakumwamba. Kukula kwa bwalo kumangokuuzani kuti ndi dontho liti limene lanyamula anthu ambiri, kuti China ndi India musaziwerenge ngati tizilumba. Palibe amene amayembekezeka kuwerenga chiwerengero chenicheni cha anthu kuchokera pa kukula kwa bwalolo. Onaninso kuti pa tchati chimenechi mzere wa chuma sukwera mowonjezera, umakwera mowirikiza, mtunda wofanana kutanthauza kuwirikiza kawiri. Munthu amene sanayang'ane manambala a pa mzerewo amachoka ndi chithunzi cholakwika ngakhale mabwalo onse ali olondola.

Powerenga malo a bwalo, yang'anani pakatikati pake. Pamenepo ndi pamene pali nambala. M'mphepete mwa bwalo mulibe tanthauzo pa mizere ija. Ndinakhalapo pa msonkhano wina pamene munthu analoza bwalo lalikulu limene nsonga yake inadutsa mzere wa cholinga, nati gulu limenelo lakwaniritsa. Titayang'ana pakati pa bwalolo, panali pansi pa mzere ndithu. Linangodutsa chifukwa linali lonenepa, ndipo kunenepako kunkaimira chinthu china, chiwerengero cha antchito. Kuyambira pamenepo ndimaika kadontho pakati pa mabwalo aakulu. Bwalo lalikulu sikuti lili ndi manambala ambiri pa mzere, komanso kukula kwake sikutanthauza kuti nambala yake ndi yokayikitsa. Ndi dontho limodzi ngati ena onse, longovala chovala chachikulu.

Mabwalo aakulu amabisanso ang'ono. Mukaona mbali ina ya tchati yadzaza ndi bwalo limodzi lodetsedwa kwambiri, dzifunseni kuti kuseri kwake kuli chiyani. Inu monga wojambula, yambani kujambula aakulu, ang'ono abwere pamwamba, mitundu ikhale yoonekera mkati, ndipo bwalo lililonse likhale ndi kamzere kopyapyala m'mphepete. Akapanikizana, chepetsani onse pamodzi potsitsa `R`. Mu Excel ndi pa `Scale bubble size to`. Kuchepetsa onse mofanana sikuphwanya pangano, koma kuchepetsa lalikulu lokha kuti likwane kumaliphwanya. Ngati mukuika matchati awiri pafupi, mwachitsanzo a zaka ziwiri zosiyana, `R` ndi `V` zikhale zomwezo m'matchati onse. Mukasiya kuti chilichonse chidziyeze chokha, mzinda waukulu uoneka wofanana m'zaka zonse ziwiri ngakhale anthu ake atawirikiza.

Kalozera wabwino pa tchati chanu angakhale mabwalo atatu a manambala osavuta, monga 100,000, 1,000,000 ndi 2,500,000, ojambulidwa ndi fomula yomweyo, laling'ono m'kati mwa lalikulu, onse okhudzana pansi. Atatu amathandiza kuposa limodzi, chifukwa wowerenga amayerekeza bwalo lake ndi loyandikana nalo kukula, ndipo kuchepetsa kwa diso kuja kumakhala kochepa mabwalo akayandikana kukula. Lembaninso mzere umodzi pansi wonena kuti eliya ya bwalo ikuimira chiwerengero cha anthu. Ndipo pewani mabwalo opakidwa mthunzi kuti aoneke ngati mipira. Diso likaona mpira limayamba kuganiza za zimene zingalowe m'kati mwake, ndipo mpira wotambalala kasanu umalowa zinthu zochuluka ka 125. Mwabweretsanso kukokomeza kumene munangochotsa.

Si nambala iliyonse imene iyenera kukula kwa bwalo. Zoyenera ndi zinthu zowerengeka zimene zikhoza kuphatikizidwa, monga anthu, katundu, magalimoto, chifukwa mabwalo awiri ang'ono ataphatikiza inki yawo ayenera kufanana ndi bwalo la zonse pamodzi. Kutentha kwa nyengo sikuyenera, popeza madigiri 20 si kutentha kowirikiza kawiri madigiri 10, ndipo ziro wake satanthauza kuti palibe kanthu. Manambala otsika pansi pa ziro, monga kuluza pa malonda, alibe eliya. Mukakakamizika kuwaonetsa, jambulani kukula kwake ndi mtundu wina n'kulemba momveka. Ndipo manambala akasiyana kwambiri, tinene ka 10,000, ngakhale sikweya ruti imasiya bwalo lina lotambalala ka 100 kuposa linzake, ndipo pepala silikwana.

Tibwerere ku lipoti lanu, chifukwa pali funso limene ndikanakufunsani tikanakhala pamodzi. Kodi mabwalo anu anayi akhala pa mapu kapena pa mizere iwiri ya muyeso, kapena angondandalikidwa pamzere kuti aonetse kuchuluka kwa anthu basi? Ngati ali pa mapu, kapena malo awo akunena zinthu zina ziwiri, asungeni, muwapatse marediyasi 4, 8, 12 ndi 20, muike kalozera, ndipo mnzanu uja mumupatse lula ayeze yekha. Koma ngati chimene mukufuna kuti wowerenga atenge n'chakuti mzinda uwu ndi waukulu ka 25 kuposa uwo, chotsani mabwalowo mujambule mizati inayi yoyambira pa ziro. Mzati wa mamilimita 100 pafupi ndi wa 36, wa 16 ndi wa 4 aliyense auwerenga popanda sikweya ruti, ndipo chiwerengero chenicheni cha anthu muchilembe pamwamba pa mzati uliwonse.